Fayilo Yalokedwa: Mumuuza Chiyani Mnzanu wa mu Ofesi?

M'maofesi ambiri momwe makompyuta analumikizidwa pa netiweki imodzi, mumakhala foda imene aliyense amasungamo ntchito yake: malipoti, makalata, ndandanda za malipiro. Foda imeneyi imakhala pa kompyuta imodzi imene anthu amangoitchula kuti seva, ndipo ena onse amatsegula mafayilo a m'menemo ali pa mipando yawo. Zinthu zimayenda bwino mpaka tsiku limene anthu awiri afuna fayilo imodzi pa nthawi imodzi. Woyamba kuitsegula saona chachilendo chilichonse. Wachiwiriyo ndiye amakumana ndi kabokosi pa sikirini, pamwamba pake patalembedwa File in Use, ndipo m'munsimu muli mawu onga awa:

```
Malipiro Juni.xlsx is locked for editing by 'Admin'.
```

Munthu amene sanakumanepo ndi kabokosika amayamba wakayikira kuti fayilo yawonongeka kapena mwalowa vairasi. Wina amafika poganiza kuti pali munthu amene wamutsekereza dala kuti asaone zimene zili m'katimo, ndipo ngati fayiloyo ndi ya ndalama, maganizo amenewa sachedwa kubala manong'onong'o m'makonde. Choncho amatumiza funso kwa mnzake amene amadziwika kuti amatha za makompyuta, amene nthawi zambiri sanalembedwere ntchito imeneyo, kungoti anakonzapo pulinta tsiku lina ndiye mbiri inamveka. Mnzakeyo ali ndi ntchito yake, sangalembe tsamba lathunthu. Ayenera kuyankha m'mizere inayi kapena isanu. Kuti mizere imeneyo ithandize, wolembayo ayenera kudziwa chimene chikuchitika kuseri kwa kabokosiko.

Tiyambe ndi chifukwa chimene pulogalamu ngati Excel kapena Word imalokera fayilo. Mukatsegula fayilo ya pa seva, pulogalamuyo imatenga zimene zili m'fayilomo n'kuziika m'kompyuta yanu. Zonse zimene mukulemba zimakhala kwa inu nokha mpaka mutadina Save, ndipo pamenepo fayilo yonse imalembedwanso pa seva mmene ikuonekera kwa inu. Tiyerekeze kuti loko palibe. Mayi a ku akawunti atsegula ndandanda ya malipiro nthawi ya 9 koloko, ili ndi mayina 40. Kalaliki naye aitsegula patapita mphindi zisanu, nayenso akuona mayina 40. Mayi aja awonjezera mayina 6 a anthu aganyu n'kusunga; pa seva tsopano pali mayina 46. Kalaliki uja sakudziwa zimenezi. Iye wangokonza nambala ya akawunti ya kubanki ya munthu mmodzi, n'kusunga. Fayilo imene yapita pa seva ndi yake ija ya mayina 40. Anthu 6 aja afufutika popanda chenjezo lililonse, ndipo zidzadziwika tsiku lolandira ndalama, iwo ataima pakhomo. Loko amaletsa zimenezi. Woyamba kutsegula amapatsidwa ufulu wolemba, ndipo aliyense wobwera pambuyo amaloledwa kuwerenga kokha.

Ndiye mfundo yoyamba ya uthenga wanu yapezeka kale: palibe chawonongeka. Koma pali chinthu chachiwiri chimene anthu ambiri, ngakhale odziwa makompyuta, amachiphonya, ndipo ndi chimene chimachititsa kuti uthenga wabwinobwino unamizire munthu wosalakwa.

Chenjezo lija limapangidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. China ndi loko weniweni, amene amasungidwa ndi seva: sevayo imadziwa kuti kompyuta yakutiyakuti yatsegula fayilo iyi kuti ilembemo, ndipo imakana kupereka ufulu womwewo kwa wina. Chinacho ndi dzina limene likuoneka m'kabokosi muja. Dzina limenelo silichokera ku seva. Nthawi imene Word kapena Excel ikutsegula fayilo, imapanga kafayilo kena kakang'ono kobisika m'foda momwemo, ndipo dzina la kafayiloko limayamba ndi zizindikiro ~$. Fayilo yathu ya malipiro idzakhala ndi kamnzake kotchedwa ~$Malipiro Juni.xlsx. Word imachita mosiyana pang'ono: dzina likakhala lalitali imadula zilembo ziwiri zoyamba, moti Lipoti la mwezi.docx imabala ~$poti la mwezi.docx. Kafayilo kameneka sikafika n'komwe mabayiti 200, ndipo mulibe ntchito ya munthu m'menemo. Muli dzina chabe la amene watsegula. Munthu wachiwiri akafika n'kupeza fayilo yalokedwa, pulogalamu yake imawerenga kafayilo kaja kuti imuuze kuti ndi ndani. Woyamba uja akatseka fayilo bwinobwino, kafayiloko kamafufutika kokha. Tingati loko ali pachitseko, ndipo kafayiloka ndi kapepala komata pachitsekopo konena amene ali m'kati. Kapepala kakhoza kukhala kakale, kapena kolembedwa dzina lolakwika, chitseko chili chokhoma ndithu.

Dzina lolakwika limabwera bwanji? Limene limalembedwa m'kafayilo muja ndi limene linaikidwa mu pulogalamu ya Office ya pa kompyutayo, pa File, kenako Options, kenako General, pa malo olembedwa User name. M'maofesi athu kompyuta imadutsa m'manja ambiri. Wina akasiya ntchito, laputopu yake imapatsidwa kwa wobwera kumene, dzina osasintha, ndiye chenjezo limatchula munthu amene anachoka chaka chatha. Kwina katswiri amene anabwera kudzaika mapulogalamu analemba Admin kapena User pa makompyuta onse, moti chenjezo likati Admin, likhoza kukhala likunena aliyense mwa anthu khumi. Nthawi zina pulogalamu imalephera kuwerenga kafayilo kaja, ndiye imangoti 'another user'. Ndipo pali zina zoseketsa: chenjezo kutchula dzina la mwini wake amene akuliwerengayo.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti uthenga wabwino umasiyanitsa zimene wolembayo akudziwa ndi zimene kompyuta ikungonena. Tibwerere ku ofesi yathu yoyerekeza ija. Ndi kumapeto kwa mwezi, mayi a ku akawunti akufuna kuwonjezera mayina pa ndandanda, ndipo atumiza chithunzi cha kabokosi kaja ndi funso lakuti, kodi fayiloyi yatani? Yankho likhoza kukhala lotere:

“Mwadzuka bwanji mayi. Fayiloyo ili bwinobwino, palibe chatayika. Kungoti yatsegulidwa pa kompyuta ina, ndipo Excel imalola munthu mmodzi yekha kulembamo pa nthawi imodzi. Dzina la Admin lisakusokonezeni, lili pa makompyuta angapo muno. Ndikufunsa kuti ndi iti. Pakadali pano dinani Notify, mutha kuwerenga koma musalembemo kanthu, ndipo musasunge kope ina. Ndikuyankhani isanakwane hafu pasiti 10.”

Uthengawu ndi waufupi, koma chiganizo chilichonse chili ndi ntchito yake. Umayamba ndi chimene mayiwo akuopa, chifukwa munthu amene akuganiza kuti ntchito ya mwezi wathunthu yatayika sawerenga bwino malangizo. Sunatchule seva, kafayilo kobisika kapena zizindikiro za ~$, popeza mayiwo sanafunse zimenezo ndipo sakufunika kuzidziwa kuti achite choyenera mphindi ino. Sunanene kuti wakutiwakuti ndiye walakwitsa. Ndipo mawu a pa batani alembedwa ndendende mmene akuonekera pa sikirini, kuti munthu asasakesake.

Mabataniwo ndi atatu mu Excel. Read Only imatsegula fayilo kuti muwerenge basi. Notify imachitanso chimodzimodzi, koma imapitiriza kuyang'anira, ndipo winayo akatseka, pamatuluka kabokosi kena kakuti File Now Available, kokhala ndi batani la Read-Write limene limakupatsani ufulu wolemba. Cancel ndi kungosiya. Word imapereka zofanana ndi zimenezi, n'kuwonjezerapo mwayi wopanga kope pa kompyuta yanu kuti zimene mwasintha mudzaziphatikize ndi fayilo yeniyeni pambuyo pake. Pa kalata ya tsamba limodzi njira imeneyi ikhoza kuthandiza. Kwa mnzanu amene sanaichitepo, makamaka ali pa changu, ine sindingamulangize.

Mzere umene ndimaumirira kuti usasowe mu uthenga wotere ndi wakuti musalembemo ndipo musasunge kope ina. Chifukwa chake n'chakuti Read Only siletsa munthu kulemba pa sikirini. Mayi aja akhoza kutsegula, n'kuiwala kuti adina chiyani, n'kulowetsa mayina awo 6 ndi ndalama zake kwa theka la ola. Chizindikiro chokha ndi mawu akuti Read-Only pamwamba penipeni pa windo, pafupi ndi dzina la fayilo, pamene anthu sayang'anapo kawirikawiri. Akadzati asunge, Excel idzakana n'kuwapempha dzina lina, ndipo kawirikawiri imapereka yokha dzina loyamba ndi Copy of. Iwo adzavomera, poti ntchito yawo isapite pachabe. Kuyambira pamenepo ofesi ili ndi ndandanda ziwiri za malipiro a Juni: ina ili ndi mayina atsopano, inayo ili ndi nambala yokonzedwa ya kubanki, ndipo palibe imene ili ndi zonse. Vuto limene loko ankaletsa lija labwera ndithu, koma kudzera njira ina. Mukaona foda yodzaza ndi mafayilo a mayina ngati Copy of, final, final2 ndi ena otero, dziwani kuti mu ofesi imeneyo chenjezoli lakhala likutuluka ndipo palibe anawafotokozera anthu.

Mzere womaliza uja, wonena nthawi, umaoneka ngati ulemu chabe, koma ndi umene umachititsa kuti munthu adikire. Akapanda kudziwa ngati adikira mphindi khumi kapena tsiku lonse, apanga kope basi.

Uthenga watumizidwa, tsopano wolembayo apeze amene watsegula fayilo. Njira yoyamba ndi ya miyendo ndi pakamwa: kuzungulira mu ofesi kapena kufunsa pa gulu la WhatsApp la antchito. Nthawi zambiri zimathera pomwepo. Wina anatsegula fayilo m'mawa kuti aone nambala imodzi, n'kutsegula zina pamwamba pake, n'kupita ku msonkhano. Ngati ndi abwana, pamafunika kaluso pang'ono, chifukwa si onse amene amakonda kuuzidwa ndi wamng'ono kuti atsekereza anzawo ntchito. Kunena kuti “Bwana, ikuoneka kuti fayilo ya malipiro idakali yotsegula pa kompyuta yanu, mukamaliza nayo mutithandize kuitseka kuti a ku akawunti alowemo” kumayenda bwino kuposa kuwauza kuti ndi iwo ailoka.

Chovuta chimabwera aliyense akakana kuti sanaitsegule, ndipo akunena zoona. Pamenepa pali zinthu zitatu zoyenera kuziganizira, ndipo ziwiri mwa izo zimakhala pa kompyuta ya munthu amene sakudziwa n'komwe.

Choyamba, Excel kapena Word ikhoza kuoneka ngati yatsekedwa pamene idakali kugwira ntchito kumbuyo, itagwirabe fayilo. Izi zimachitika kawirikawiri pulogalamu ikauma n'kutsekedwa mokakamiza. Ndi pamene munthu amauzidwa kuti fayilo yalokedwa ndi iye mwini. Kuti muone, sungani ndi kutseka mafayilo onse, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, pitani pa Details, ndipo muyang'ane EXCEL.EXE kapena WINWORD.EXE. Ngati ilipo pamene pa sikirini palibe windo la pulogalamuyo, isankheni n'kudina End task. Amene sakufuna kulowa m'zimenezi angozimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Zotsatira zake ndi zomwezo.

Chachiwiri n'chobisika kwambiri. Mu File Explorer muli kagawo ka kumanja kamene kamaonetsa zam'kati mwa fayilo musanaitsegule, kotchedwa Preview pane. Kuti kaonetse zimenezo, kamatsegula fayiloyo mwakachetechete. Munthu akangodina kamodzi pa dzina la fayilo n'kuchokapo kupita kukamwa tiyi, fayiloyo ikhoza kukhala yogwidwa, iye akulumbira kuti sanaitsegule. Kudina Alt ndi P pamodzi kumachotsa kagawoko.

Chachitatu ndi chimene ife a kuno timakumana nacho kwambiri: kuzima kwa magetsi. Kompyuta ya pa desiki yopanda batire yothandizira imazima pomwepo, pulogalamu osapeza mpata wotseka fayilo. Seva ikhoza kukhala kwa kanthawi ikuganiza kuti kompyutayo idakalipo, mpaka itazindikira yokha kuti kulumikizana kwaduka. Zomwezo zimachitika netiweki ikaduka, kapena wina akapinda laputopu n'kunyamuka nayo fayilo ili yotsegula. Loko wa pa seva amadzamasuka. Koma kafayilo kobisika kaja kamatsala m'foda, popeza amene akanakafufuta sanatseke bwino, ndipo kakhoza kukhalamo miyezi. Kafayilo kotsalira kameneka nthawi zina kamachititsa kuti chenjezo lizituluka popanda amene watsegula, ndipo nthawi zina kamachititsa kuti chenjezo litchule dzina la munthu wa tsiku la magetsi lija, pamene amene watseguladi lero ndi wina.

Kuti mukaone, tsegulani foda, pitani pa View n'kusankha Hidden items. Pa Windows 11 mumadutsa kaye pa Show. Ngati sikakuonekabe, chotsani chizindikiro pa Hide protected operating system files mu Folder Options. Amene amadziwa Command Prompt akhoza kulowa m'fodamo n'kulemba:

```
dir /a ~$*
```

Yang'anani tsiku la kafayiloko. Ngati ndi la lero, nthawi ya 9 koloko, ndiye kuti mwina pali munthu m'fayilomo, pitirizani kufunsa. Ngati ndi la milungu itatu yapitayo, n'kotsalira. Mukatsimikiza kuti palibe amene watsegula fayilo yeniyeni, kafufuteni. Simutaya ntchito iliyonse. Mungosamala kuti mukufufuta koyamba ndi ~$ ndiponso kakang'ono zedi, osati fayilo yeniyeniyo, chifukwa mayina ake amafanana ndipo zofufutidwa pa foda ya pa netiweki kawirikawiri sizipita mu Recycle Bin. Windows ikakana kukafufuta ponena kuti kakugwiritsidwa ntchito, mwapeza yankho lina: pali kompyuta imene ikugwiradi fayiloyo. M'maofesi ogwiritsa ntchito LibreOffice muli kafayilo kofanana, koma dzina lake limayamba ndi .~lock. n'kuthera ndi chizindikiro cha #.

Zonsezi zikakanika, nkhani ipite kwa woyang'anira seva. Iye ali ndi malo amodzi oonera zoona zake: mu Computer Management, pa Shared Folders, kenako Open Files, pamene pamaoneka fayilo iliyonse yotsegula ndi akawunti imene munthu analowera nayo pa netiweki. Dzina la pamenepa ndi lodalirika kuposa la m'kabokosi muja, malinga ngati aliyense mu ofesimo ali ndi akawunti yakeyake. Woyang'anirayo akhoza kutseka fayiloyo mokakamiza ali pa seva pomwepo, koma asathamangire, chifukwa ngati munthu uja analemba zinthu zimene sanasunge, akhoza kulephera kuzisunganso mu fayilo yomweyo.

Wina afunsa kuti, nanga bwanji ku maofesi ena anthu asanu amalemba mu fayilo imodzi nthawi imodzi popanda chenjezo? Kumeneko fayilo sikhala pa foda wamba ya pa seva. Imakhala pa OneDrive kapena SharePoint, kapena ndi ya Google Docs, kumene zosintha za aliyense zimatumizidwa pang'onopang'ono n'kuphatikizidwa, m'malo molembanso fayilo yonse. Komabe ngakhale pa OneDrive ndi SharePoint chenjezo lija limatuluka, ndipo zifukwa zake ndi zina. Fayilo ikakhala ya mtundu wakale wa .xls kapena .doc, umene unalowedwa m'malo ndi .xlsx ndi .docx mu Office 2007, kulembera pamodzi sikutheka. Munthu mmodzi akaitsegula ndi Excel yakale imene sidziwa kulembera pamodzi, ena onse amatsekeredwa kunja, ngakhale awo makompyuta atakhala atsopano. Ndipo pa SharePoint munthu akhoza kudina Check out, kumene ndi kutenga fayilo mwadala kuti wina asaisinthe. Loko ameneyu satha ngakhale munthuyo atazimitsa kompyuta, mpaka adine Check in kapena woyang'anira amumasule. Uthenga wopita kwa mnzanu pamenepa umasintha pakati pokha:

“Achimwene, fayilo ili bwino. Yalokedwa chifukwa ndi ya mtundu wakale wa .xls, umene sulola anthu awiri kulemba pamodzi ngakhale ili pa OneDrive. Amene ali m'menemo atseka 11 koloko. Akatseka ndiisunga ngati .xlsx n'kuchotsa yakaleyo m'foda, ndipo ndikutumizirani linki yatsopano. Musagwiritsenso ntchito yakale ija.”

Musanalembe uthenga uliwonse, pemphani chithunzi cha sikirini, kapena mnzanuyo akuwerengereni mawu ake enieni. Anthu amati fayilo yalokedwa ponena zinthu zosiyanasiyana. Kamzere kachikasu pamwamba kolembedwa Protected View sikakhudzana ndi munthu wina aliyense: kamatuluka pa fayilo yochokera pa intaneti kapena pa imelo, ndipo ngati mukuikhulupirira fayiloyo mumangodina Enable Editing. Kabokosi kopempha pasiwedi ndi nkhani ya amene anapanga fayilo. Ndipo ngati munthu amatha kuwerenga mafayilo onse a m'foda koma sangasunge ngakhale imodzi, tsiku lililonse, ndiye kuti akawunti yake sinapatsidwe chilolezo cholemba m'fodamo, ndipo kudina Notify sikungamuthandize ngakhale atadikira mpaka madzulo. Ameneyo uthenga wake upite kwa woyang'anira seva, utatchula dzina la foda ndi akawunti ya munthuyo.